Woyankha Moni wa ku Tamvazanu

Kuli dziko lina, si kuno ayi, lotchedwa Tamvazanu. Anthu ake amafanana nafe mochititsa manyazi, koma imeneyo ndi ngozi chabe. Nawonso ali ndi malilime awiri m'kamwa mmodzi, la makolo ndi la kusukulu, ndipo akamapereka moni malilime onse awiri amatulukira pamodzi ngati anthu olimbirana khomo la minibasi. Amakwiya m'Chingerezi, amalira m'Chichewa, ndipo moni amaupereka mu zonse ziwiri kuti pasakhale wodandaula.

Pampando wa ufumu, mumzinda waukulu wa Khalanikaye, panali Mfumu Ndamvakale Wachiwiri. Mfumuyi inafuna kudziwika kuti imamva anthu ake, choncho inagula foni imodzi yaikulu, inalengeza nambala yake pawailesi, ndi kulamula kuti aliyense wa nkhawa atumize uthenga. Vuto linali la woyankha. Mlembi woyamba ankayankha aliyense m'Chingerezi cha m'makhoti, moti nkhalamba ina imene inangolemba kuti "Morning bwana, mwadzuka?" italandira yankho inagulitsa mbuzi n'kuyamba kufunafuna loya. Mlembi wachiwiri anali wa Chichewa chenicheni, wotchula foni kuti lamya ngakhale kutulo. Iye ankayankha ndi miyambi itatu yolumikiza, ndipo achinyamata ankapita ndi mayankhowo kwa azigogo awo kuti awamasulire, azigogowo n'kuwatumizanso kwa abusa.

Kenako panabwera Zebedayo Kachepa, mwamuna wa dipuloma, taye yofiira ndi nsapato zowala ngakhale m'nyengo ya fumbi. Anapatsidwa udindo wa Woyankha Wamkulu wa Moni wa Ufumu, nyumba ya boma yamalata, ndi mpando wozungulira. Tinene zoona, ntchitoyo ankaidziwa, ndipo ankadziwanso kuti akuidziwa, chimene chili matenda ena paokha.

Luso lake linali lakuti munthu umamuyankha mmene wabwerera. Uthenga ukalowa, Zebedayo sankathamangira kulemba. Ankayamba wayang'ana chilankhulo chimene chatsogola, kuchuluka kwa Chingerezi chimene munthuyo wathiramo, kutalika kwa moni wake, ndi ulemu umene wavala. Mphunzitsi wopuma akalemba kuti "Good morning bwana, mwadzuka bwanji?" Zebedayo ankayankha kuti "Good morning bambo, tadzuka bwino, kaya inu?" Ankati ukamuyankha m'Chingerezi chokhachokha wamukwera pamutu, ndipo ukamuyankha m'Chichewa chokhachokha wamuuza kuti sukulu yake simunaione. Mayi wa kumvano akalemba kuti "Greetings in the Lord, muli bwanji kumeneko?" iye ankati "Amen mayi, greetings, tili bwino mwa chisomo chake, kaya inu ndi banja?" Mnyamata wa kabaza akalemba kuti "Hi biggie, bho?" Zebedayo sankadzisandutsa mnyamata, chifukwa palibe chomvetsa chisoni ngati mdala wa imvi wovina gule wa adzukulu ake. Ankatsalira phazi limodzi kumbuyo: "Hi achimwene, bhobho, kaya inu?" Munthu akamutchula iye kuti iwe, iye ankabweza inu. Munthu akalakwitsa kalembedwe, iye sankatengera cholakwacho komanso sankachikonza. Wamoni wamfupi ankamuyankha mwachidule, wamoni wautali ankamuyalira mphasa.

Pamapeto pa yankho lililonse ankaika mzere umodzi umene iye ankautcha khomo. Kwa mphunzitsi uja ankati "Tikuthandizeni chiyani, sir?" Kwa wa kabaza ankati "Pali nkhani yanji?" Ankadziwa kuti munthu wa ku Tamvazanu sanena chimene wabwerera asanafunsidwe. Ngakhale nyumba yake ikupsa, amayamba wafunsa ngati ana adzuka bwino. Ndipo nkhani ikayamba, chilankhulo chimasintha, Chingerezi chija chimatha ngati mafuta a m'botolo la ndiwo, munthu n'kutsala ndi Chichewa cha mumtima. Zebedayo ankamutsatira komweko.

Koma mbale imene imawala kuofesi kunyumba inali ndi mng'alu. Zebedayo anali ndi mkazi, Felesiya, mayi wosoka zovala wochokera m'mudzi wa Tayiwalika, kutsidya kwa mtsinje wa Dikirani. Felesiya akati "Morning a Zebe, mwadzuka?" iye ankati "Morning a Fele, ndadzuka, kaya inu?" Akakwiya n'kunena kuti "I am tired, mwamva?" iye ankati "I am tired too, ndamva." Akalira, Zebedayo ankagwetsa misozi yofanana nayo kukula. Felesiya anaganiza zoyesa kukhala chete kuti aone ngati mwamunayo angayambe yekha kulankhula. Zebedayo anayeza cheteyo, anaona kuti ndi wamtali ndi waulemu, n'kumubweza momwemo. Nyumba inakhala zii mpaka nkhuku zinayamba kuyenda monyang'ama.

"Ine ndinakwatiwa ndi kalilole," anatero Felesiya m'mawa wina akumanga makina ake osokera ndi chitenje. "Ndikaseka museka, ndikalira mulira, ndikachoka pagalasipo simukhalanso munthu. Ndikupita kwathu. Tsiku lomwe mudzayambe ndinu kundilankhula, ndi pakamwa panupanu, ndidzadziwa kuti ndili ndi mwamuna."

Zebedayo anatsegula pakamwa. Mawu a mkaziyo anali Chichewa chokhachokha, chachisoni, chaulemu, choncho anayankha kuti, "Ndamva, mayi. Muyende bwino." Linali yankho lolondola kwambiri, ndipo ndi lomwe linatseka chitseko.

Patapita nthawi malume ake a Felesiya, omwe analinso ankhoswe, anatumiza mawu kudzera mwa wogulitsa makala. Anati mlatho wa pa Dikirani unagwa kalekale, ndipo mvula ikangoyamba mtsinje n'kudzadza mkamwini asanaoneke, iwo adzangoti banja lapita ndi madzi. Wamakalayo anawonjezera, mosafunsidwa, kuti mwini chigayo wa ku Tayiwalika, amene mkazi wake anamwalira, wayamba kugaya chimanga cha Felesiya osafuna kanthu. Zebedayo anamva nsanje ndi mantha, pakuti mkaziyo ankamukonda zenizeni. Anatenga foni yake kuti alembe. Analemba "Dear Felesiya," anaona kuti zikumveka ngati samani, anafufuta. Analemba "Wokondedwa mkazi wanga," anaona ngati akulengeza maliro, anafufuta. Anayesa kusakaniza, koma asakanize motani popanda womuyambira? Katswiri wa moni wa ufumu wonse sankadziwa kuti lilime lakelake ndi liti.

Pamene izi zinkamusautsa, kunyumba ya mfumu kunabuka chipwirikiti china, ndipo chinabwera ndi luso lake lomwelo. Anthu atayankhidwa m'chilankhulo chawo anamasuka, n'kuyamba kulowa pakhomo lija. Ena anati kuchipatala kulibe mankhwala. Ena anati feteleza wafika chimanga chitakhwima. A ku Tayiwalika anati mlatho. Mauthengawo ankawerengedwa pamaso pa mfumu m'mawa uliwonse, ndipo madokotala ananena kuti magazi a mfumu akuthamanga kuposa chitukuko.

Bwalo lalikulu linaitanidwa. Mfumu inakhala pampando wake ndi nsalu yonyowa pamphumi. Pambali pake panaima Nduna Yaikulu, Bwana Mwalasa, munthu amene anakwera maudindo onse chifukwa chogwedeza mutu mfumu isanamalize chiganizo.

"Ine ndinati anthu anditumizire nkhawa zawo," inadandaula mfumu. "Sindinati nkhawa zenizeni!"

"Mwalasa, mfumu," anatero Bwana Mwalasa. "Paja walira mvula walira matope. Koma ife akomiti tafufuza, tapeza pamene matopewa akulowera. Moni ulibe mlandu. Taonani, munthu akuti good morning, ife good morning. Akuti mwadzuka, ife tadzuka. Mpaka pamenepo dziko lili pamtendere. Koma Woyankha wathuyu akumawonjezera funso lakuti tikuthandizeni chiyani. Mfumu, with due respect, ndani anamutuma kukafunsa?"

Zebedayo anaitanidwa kuti adziteteze. Popeza nduna inalankhula mosakaniza ndi mokweza mapewa, iye anayankha mosakanizanso. "With due respect, bwana, moni ndi odi chabe. Munthu akagogoda timamutsegulira. Ndikamuyankha m'chilankhulo chake ndimakhala ndikumuuza kuti walandiridwa, ndiye ndimulandire kenako ndimutsekere panja?"

"Exactly," inatero nduna. "Mulandireni panja pomwepo. Kuli mphepo yabwino."

Bwalo lonse linaomba m'manja, ndipo tsiku lomwelo kunatuluka Lamulo la Moni Wokhawokha. Lamulolo linati uthenga uliwonse woyamba ndi moni uyankhidwe moni wakewo, m'chilankhulo ndi ulemu wa mwini wake, ndipo nkhaniyo yathera pomwepo. Uthenga wosayamba ndi moni ndi wamwano, ndipo boma siliyankha amwano. Wantchito aliyense wopezeka akufunsa munthu chimene wabwerera alandidwe ntchito, nyumba ndi taye. Zebedayo anaganizira za nyumba yamalata ija, anagwira taye yake, n'kunena kuti, "Mwalasa, bwana." Si iye yekha amene ananenapo mawu amenewo mtima ukukana, ambirife tinawanenapo.

Kuyambira pamenepo ntchito inakoma. Mayi wina analemba kuti "Hello a boma, muli bwanji? Kuno mjigo unafa." Zebedayo anayankha kuti "Hello mayi, tili bwino, kaya inu?" Mayiyo analembanso kuti "Ndati mjigo unafa," koma umenewo unali uthenga wopanda moni, ndipo unagwera kwa amwano. Atazindikira, anayambiranso: "Good afternoon, mwaswera? Za mjigo zija." Anayankhidwa kuti "Good afternoon mayi, taswera, kaya inu?" Wailesi ya ufumu inalengeza kuti palibe dziko lina pansi pa thambo limene limayankha anthu ake onse aulemu ngati Tamvazanu, ndipo sinaname.

Kumsika wa Onjezaniko nkhaniyi inafika ngati nsomba zatsopano. Zebedayo ankadutsa kumeneko m'mawa kukagula chiwaya, popeza kunyumba kunalibe wophika, ndipo ankamva zonse atazolika.

"Ine dzulo andiyankha mokoma zedi," anatero Mayi Nachisale, wogulitsa tomato, akulankhula ndi telala wa pafupi naye mokweza kuti mwini taye amve. "Ndinati hi bwana, mwadzuka? Iwo hi mayi, tadzuka, kaya inu? Ndinamva kukoma mpaka ndinaiwala kuti mwana ali ndi malungo."

"Ndiye mwanayo wachira?" anafunsa telala.

"Ndinamuwerengera uthengawo katatu. Akuti akumvako bwino pang'ono, koma akufunsa ngati ulipo wa jakisoni."

"Ine ndasiya kugula ndiwo," anatero telala. "Ndimangotumiza good evening, ndikalandira good evening wanga timagawana ndi ana. Kale boma linkatinyoza m'Chingerezi, tsopano likutinyoza m'chilankhulo chathu. Chitukuko chimayamba choncho."

Mayi Nachisale anatembenukira kwa Zebedayo. "Morning a Woyankha, muli bho?"

"Morning mayi, ndili bho, kaya inu?" pakamwa pake panayankha pokha iye asanaganize.

"Mwaona?" anatero mayiyo kwa telala. "Sachita kufuna mabatire."

Anthu a ku Tamvazanu sachita zipolowe, amaona ngati n'kupanda ulemu. Amangophunzira. Litafika tsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumu, malole anatuta anthu kupita nawo kubwalo la masewera, monga mwa nthawi zonse. Mfumu inakwera pansanja itanyamula mulu wa mapepala, inakonza kukhosi, n'kufuula kuti, "My people, muli bwanji?"

"Our king, tili bwino, kaya inu?" linayankha khamu lonse ngati munthu mmodzi.

"Ndili bwino," inatero mfumu mosangalala, n'kuweramira pa tsamba loyamba. Itadzutsa mutu inaona misana. Anthu anali akutuluka pazipata mwaulemu, amayi akunjata, abambo atagwira zipewa m'manja. Wapolisi wina anagwira Mayi Nachisale pamkono kumufunsa kumene akupita mfumu isanalankhule.

"Moni tayankha, bwana," anatero mayiyo. "Nkhani yathera pomwepo. Kapena lamulo lasintha?"

Mfumu inawerenga mapepala ake onse kwa Bwana Mwalasa, oimba ng'oma ndi mbuzi ziwiri zimene zinkadya udzu pagolo. Madzulo ake nduna inafika pa mfundo yakuti anthu sangachenjere okha chonchi, pali wina akuwaphunzitsa. Inanyamula mpando n'kukauika m'ofesi ya Zebedayo, kumbuyo kwake kwenikweni, kuti izidziwerengera yankho lililonse lisanatuluke.

Imeneyo inali nyengo ya chifundi. Kumadzulo kunkachita mdima masana, mafulufute anayamba kukonzekera kutuluka, ndipo Zebedayo ankayang'ana kumwamba kawirikawiri kuposa mlimi. Uthenga wake wa kwa Felesiya unali usanalembedwebe. Tsiku lina dzuwa litapendeka, foni yaikulu ija inalira, ndipo nambala imene inaoneka anaidziwa ngati dzina lake lomwe.

"Good afternoon a ofesi, mwaswera bwanji?"

Zebedayo anauwerenga uthengawo monga ankawerengera ena onse, ndipo chimene anaona chinamuwawa. Felesiya wa kunyumba ankati "Afternoon a Zebe." Uyu analemba good afternoon wathunthu, mwaswera bwanji wathunthu, ndipo dzina lake silinalimo. Unali moni wa munthu wovala zovala za kutchalitchi amene waima panja pa mpanda wa eni. Komanso sanalembe pa foni ya mwamuna wake, analemba pa foni ya boma, kumene ankadziwa kuti mwamunayo amayankhako. Mkazi amene analumbira kuti sadzayambanso, anayamba.

"Wophweka uyu," anatero Bwana Mwalasa, mpweya wake wa anyezi uli pakhosi pa Zebedayo. "Half half. Yankhani tione."

Zebedayo analemba kuti "Good afternoon mayi, taswera bwino, kaya inu?" Linali yankho lopanda banga. Chingerezi chinatsogola monga chinatsogolera kwa wotumiza, ulemu unali wofanana, kutalika kunali kofanana.

"Beautiful," inatero nduna. "Tumizani."

Chala cha Zebedayo chinaima m'malere. Ankadziwa chimene chichitike akatumiza. Felesiya awerenga, aona nkhope yake yomwe pagalasi, ayika foni pansi, n'kunyamula dengu la chimanga kupita kuchigayo. Ankadziwanso chimene chichitike akawonjezera mzere umodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anali atanyowa kale pakati pa awiriwo. Kunja kunagunda bingu la kutali. Zebedayo anawonjezera kuti, "Tanenani nkhani, Felesiya, I am listening." Anatumiza nduna isanameze malovu.

"Mwatani?" anakuwa Bwana Mwalasa. "You have asked! Mwafunsa munthu pa foni ya boma chimene wabwerera, ine ndili pompano!"

"Ndafunsa, bwana," anatero Zebedayo, ndipo anadabwa kuona kuti ndunayo yakuwa koma iye sanakuwe.

Foni inaliranso. Onse awiri anaweramirapo, mitu yawo inagundana.

"Palibe nkhani. Ndimangopereka moni. Kuno mitambo yayamba kuda."

Bwana Mwalasa anaseka mpaka anakhala pansi. "Mwamva? Palibe nkhani! M'dziko lonse lino la anthu odandaula, inu mwataya ntchito chifukwa cha munthu mmodzi yekhayo amene amangopereka moni!"

Ndunayo inkadziwa malamulo, koma inali isanayankhepo moni wa munthu. Ku Tamvazanu munthu akati ndimangopereka moni ndiye kuti nkhaniyo ndi yaikulu moti singakwane pafoni. Ndipo good afternoon uja anali atasowa, Chingerezi chonse chinatha, panatsala Chichewa chokha. Felesiya anali atalowa pakhomo.

Mwambo wovula taye unachitika m'mawa wotsatira pamaso pa bwalo lonse, ng'oma zikulira. Mfumu inafunsa kuti nanga moni wa anthu aziyankha ndani. Bwana Mwalasa anati komiti yapeza yankho limodzi lokwanira aliyense, la malilime onse awiri mofanana, ndipo lingathe kutumizidwa ndi mlonda wa pageti: "Noted, zikomo." Mpaka lero, akuti, ukapita kumsika wa Onjezaniko n'kupempha Mayi Nachisale kuti akuikire basela, amakuyang'ana mwachikondi n'kunena kuti noted, zikomo.

Zebedayo anakwera minibasi ndi kachikwama kamodzi, khosi lili pamtunda. Anatsikira pa Dikirani pamene panali mlatho, pamene tsopano panali chikwangwani chachikulu chothokoza anthu chifukwa cha kudekha kwawo. Madzi anali atayamba kufiira, umboni wakuti kumapiri yagwa kale. Anavula nsapato zowala zija, anazikweza pamutu, anapinda buluku n'kulowa. Pakati pa mtsinje anaterereka, anamira mpaka m'khosi, ndipo nsapato imodzi inapitiriza ulendo wake yokha. Anatulukira kutsidya akudontha, n'kuyenda phazi limodzi lovala, lina la mbalambanda, kudutsa pachigayo pamene mwini wake, mwamuna wonenepa wa ufa m'nsidze, anamuyang'ana mosakondwa.

M'njira monse ankadzilimbitsa mtima ndi chinthu chimodzi. Mwambo wa kumudzi umati mlendo sayamba kupereka moni. Amangoti odi, amapatsidwa pokhala, kenako eni mudzi amabwera mmodzimmodzi kudzamulonjera. Choncho Felesiya, afune asafune, adzayenera kuyamba, ndipo iye adzangobweza. Taonani mmene munthu amakakamirira chilema chake ngakhale chitamudyera ntchito, nyumba ndi nsapato.

Anati odi, anapatsidwa kampando pakhonde. Anayamba kubwera ndi malume aja, atagwira m'manja. "Moni akamwini. Mwayenda bwanji m'njiramu, nanga mwawasiya bwanji kumeneko?"

"Zikomo malume, ndayenda bwino, onse ndawasiya ali bwino, kaya inu kuno?"

Anabwera mlamu wake wamwamuna, wa sitolo ya pamsewu. "Alamu, welcome! Zikuyenda?"

"Thank you alamu, zikuyenda, kaya inu?"

Anabwera apongozi, anabwera anansi, anabweranso mwini chigayo amene anati akungodutsa. Aliyense analandira moni wake womuyenera, wosapitirira ndi wosaperewera, moti malume ananong'oneza kuti mkamwiniyu, kupanda nzeru kwake konse, ulemu ali nawo. Womaliza kutuluka anali Felesiya. Anayala chitenje pansi, anakhala, anapinda miyendo, n'kuyang'ana mwamuna wakeyo m'maso. Sananene kanthu.

Chete anagwa pabwalo. Zebedayo anamuyeza cheteyo mwa chizolowezi, ndipo thupi lake lonse linkafuna kumubweza momwemo, monga anachitira kale. Dontho loyamba la mvula linagwa pa phazi lake lopanda nsapato. Malume anayang'ana kumwamba, kenako kumtsinje. Mwini chigayo anakonza kukhosi ngati munthu amene akufuna kuyamba kulankhula, ndipo Zebedayo anachita mantha amene sanawachitepo ngakhale pamaso pa mfumu. Anatsegula pakamwa asanadziwe chimene chitulukemo.

"Fele... sorry. Ndakusowa. Ntchito yatha, nyumba alanda, even nsapato yapita ndi madzi. I don't know, Fele, sindikudziwa kuti ndiyambe bwanji. Mwaswera?"

Unali moni woipa kuposa onse amene anadutsapo m'manja mwake. Nkhani inatsogola, moni unabwera pambuyo. Anamutchula iwe ndi inu m'mpweya umodzi, pamaso pa apongozi. Chingerezi chinagwera paliponse ngati mchere wothiridwa ndi munthu woledzera. Akanaulandira kuofesi, sakanadziwa pougwira. Mlamu wake anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka.

Felesiya anamuyang'ana ngati mmene amayang'anira nsalu asanaidule.

"Zebe... okay. Nanenso ndinakusowa. Makina ndili nawo, nyumba ilipo, even nsapato tidzagula. I don't know, Zebe, nanenso sindikudziwa. Ndaswera, kaya inu?"

Anamubwezera zonse, iwe ndi inu yemwe, chibwibwi chomwe, osakonza kalikonse. Zebedayo anali atayankha anthu a ufumu wonse, koma anali asanadziwepo mmene zimamvekera kwa munthu amene waima panja n'kumva mawu ake osalongosoka akulandiridwa monga alili. Analira, ndipo ulendo uno ndiye anayamba.

Mvula inakhuthuka. Mwini chigayo anati wakumbukira kuti anasiya ufa panja. Malume anaimirira, anakutumula fumbi kumbuyo, n'kuuza apongozi kuti abwereke nsapato kwa aneba, mkamwini sangagone ndi phazi limodzi lamatope. Felesiya anatola nsapato yotsalayo, anaikhuthula madzi, n'kugwira chitseko.

"Tanenani nkhani yonse m'nyumbamu," anatero. "I am listening."